Nsanja ya ku Hanoi: Kasunthidwe ka Mbale ndi Chiwerengero cha Maulendo

Nsanja ya ku Hanoi ndi masewera a nzeru amene katswiri wa masamu wa ku France, Édouard Lucas, anawatulutsa m'chaka cha 1883. Pathabwa pamakhala zikhomo zitatu. Pachikhomo chimodzi amapisapo mbale zobowola pakati, yaikulu pansi, zinazo kumachepa chonchi mpaka yaing'ono kwambiri pamwamba. Ntchito ya wosewera ndi kusamutsa mulu wonsewo kuti ukakhale pachikhomo china. Malamulo alipo awiri: mbale imasunthidwa imodzi pa ulendo, yomwe ili pamwamba, ndipo yaikulu siikhala pamwamba pa yaing'ono.

Ongoyamba kumene amathamangira kuganizira mbale yapamwamba, koma mfungulo ili pa yapansi. Mbale yaikuluyo singachoke ngati pamwamba pake pali kanthu, ndiponso singatere pachikhomo chomwe pali mbale ina. Choncho pa nthawi imene ikusamuka, mbale zina zonse ziyenera kukhala zitaunjikika bwinobwino pachikhomo chachitatu. Apa ntchito yagawika patatu: kuchotsa mbale zapamwamba n'kuziika pachikhomo chosungira, kusuntha yaikulu, kenako kusamutsanso mulu uja kuti ukhale pamwamba pake. Kuchotsa mbale zapamwambazo ndi masewera omwewo, kungoti mbale zachepa ndi imodzi, ndipo njira yake ndi yomweyo. Zimapita choncho mpaka itatsala mbale imodzi, yomwe imangonyamulidwa basi. N'chifukwa chake aphunzitsi a mapulogalamu a kompyuta amakonda chitsanzochi pophunzitsa za ndondomeko imene imadziitana yokha kuti igwire kagawo kochepa ka ntchito yomweyo.

Ndi mbale zitatu, zikhomo zitatchedwa A, B ndi C, ndipo mulu ukuchoka pa A kupita pa C, zimayenda motere. Yaing'ono ipita pa C, yapakati ipita pa B, yaing'ono ichoka pa C kukakhala pamwamba pa yapakati. Maulendo atatuwa amasula yaikulu, ndipo pa ulendo wachinayi ipita pa C. Kenako yaing'ono ipita pa A, yapakati ipita pa C, yaing'ono n'kutsekera pamwamba. Onse pamodzi ndi maulendo 7.

Chiwerengerocho chikuchokera m'magawo atatu aja. Mulu wapamwamba umasamuka kawiri, mbale yaikulu kamodzi. Motero mbale ikawonjezeka imodzi, maulendo akale amachulukitsidwa kawiri n'kuwonjezerapo umodzi. Mbale imodzi imafuna ulendo umodzi, ziwiri 3, zitatu 7, zinayi 15, zisanu 31. Nambala iliyonse ikuperewera ndi imodzi kuti ikwane 2, 4, 8, 16 ndi 32, ndipo lamulo lake limalembedwa 2^n − 1, pamene n akuimira kuchuluka kwa mbale. Masewera a Lucas anali ndi mbale 8, zomwe zimafuna maulendo 255. Palibe chidule choposa pamenepa, chifukwa yaikulu iyenera kusuntha ngakhale kamodzi kokha, ndipo mulu wapamwamba sungapewe kuchoka isanasunthe ndi kubwerera itasuntha.

Cholakwika chofala chimachitika pa ulendo woyamba weniweni. Mbale zikakhala 3, 5 kapena 7, yaing'ono imayamba kupita pachikhomo chomwe mulu ukulowera. Zikakhala 2, 4 kapena 6, imayamba kupita pachikhomo chosungira. Wosemphanitsa zimenezi, ngakhale atsate bwino zina zonse, amapeza nsanja yamangika pachikhomo cholakwika. Chizindikiro china n'chakuti m'kasewedwe kolondola mbale yaing'ono imasuntha pa ulendo woyamba, wachitatu, wachisanu, kumadumphitsa umodzi, ndipo imazungulira zikhomo kulowera mbali imodzimodzi. Ndi mbale zitatu imachoka pa A kupita pa C, kenako pa B, pa A, n'kumalizira pa C. Ikasuntha kawiri motsatizana, kapena ikabwerera kumene yangochoka, ndiye kuti wosewera wataya maulendo. Pa maulendo apakatiwo palibe chosankha, chifukwa pamakhala kusuntha kumodzi kokha kololedwa kosakhudza yaing'onoyo.

Masewerawa anatchuka limodzi ndi nthano yopeka ya ansembe a m'kachisi wa ku Benares, ku India, amene akuti akusamutsa mbale 64 zagolide, ndipo akadzamaliza dziko lidzatha. Lamulo la 2^n − 1 likupereka maulendo 18,446,744,073,709,551,615. Atamasuntha mbale imodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, osalakwitsa, angatenge zaka pafupifupi 585 biliyoni, pamene asayansi amayerekezera kuti chilengedwe chonse chakhalapo zaka 13.8 biliyoni. Pa liwiro lomwelo mbale 8 zimatha m'mphindi zosakwana zisanu, mbale 20 zimadya masiku 12, ndipo mbale 30 zimafuna zaka 34.