Kugawa mayina mu Excel popanda kudula dzina la munthu pakati

Mlembi wa pasukulu kapena wa pampingo amalandira mndandanda wa mayina onse ali m'kolamu imodzi, koma fomu ikufuna makolamu atatu: dzina loyamba, lapakati ndi la banja. Ambiri amathamangira ku Text to Columns n'kuuza Excel kuti idule paliponse pamene pali mpata. Zotsatira zake, wa mayina awiri dzina lake la banja limagwera m'kolamu yachiwiri, wa mayina atatu m'yachitatu, wa anayi n'kusefukira kwina.

Gwero la vutoli ndi lakuti kompyuta sidziwa dzina, imangoona mipata. Dzina laphatikizo lokhala ndi kamzere, monga Banda-Phiri, limapulumuka malinga simunauze Excel kudula pa kamzereko. Lovuta ndi lopanda kamzere. Mayi akasunga dzina la bambo ake n'kuwonjezera la mwamuna wake, dzina la banja limakhala mawu awiri. Ngakhale dzina la mtsogoleri wakale wa dziko lino, Bingu wa Mutharika, makina angaligawe ngati kuti "wa" ndi dzina lapakati. Choncho ntchito yeniyeni ndi kumanga mayina oterewa musanayambe kudula.

Yambani mwasunga fayilo yoyambayo padera, mugwire ntchito pa kope. Tinene kuti mayina ali mu A, kuyambira A2. Mu B2 chotsani mipata yopitirira muyeso, kuphatikizapo mpata wobisika umene umabwera ndi mawu okopedwa pa intaneti:

```
=TRIM(SUBSTITUTE(A2,CHAR(160)," "))
```

Kenako mu F2 werengani mawu a m'dzina lililonse:

```
=LEN(B2)-LEN(SUBSTITUTE(B2," ",""))+1
```

Fomyulayi imawerenga mipata n'kuwonjezera 1. Ikokereni mpaka pansi, ndipo ndi Filter onetsani mizere yokhala ndi 3 kapena kuposa. Mayina a mawu awiri alibe vuto, koma awa afunika maso a munthu. Tiyerekeze ndi mayina awiri ongopangira chitsanzo: Tadala Grace Mwale ndi Chisomo Banda Phiri. Onse ali ndi mawu atatu, koma Grace ndi dzina lapakati, pamene Banda Phiri likhoza kukhala dzina limodzi la banja. Palibe fomyula imene ingasiyanitse zimenezi. Yang'anani pa chiphaso cha unzika kapena pa satifiketi, kapena funsani mwini dzina.

Mukatsimikiza, pitani mu A ndipo m'malo mwa mpata wa pakati pa mawu awiriwo ikanipo chizindikiro cha _ kuti likhale Chisomo Banda_Phiri. Tsopano Excel iliona ngati liwu limodzi. Dzina loyamba lipite mu C2:

```
=LEFT(B2,FIND(" ",B2)-1)
```

Dzina la banja lipite mu E2:

```
=SUBSTITUTE(TRIM(RIGHT(SUBSTITUTE(B2," ",REPT(" ",100)),100)),"_"," ")
```

Ikuoneka yaitali, koma nzeru yake ndi yapafupi. Mpata uliwonse umakulitsidwa kukhala mipata 100, ndiye mukatenga zilembo 100 za kumapeto mumapeza liwu lomaliza lokha ndi mipata, imene TRIM imachotsa. Pomaliza chizindikiro chija chimabwerera kukhala mpata, dzina n'kutuluka Banda Phiri monga mwini wake amalembera.

Chotsala pakati ndicho dzina lapakati, mu D2:

```
=TRIM(MID(B2,LEN(C2)+1,LEN(B2)-LEN(C2)-LEN(E2)))
```

Pa Chisomo Banda_Phiri zilembo zonse pamodzi ndi mpata ndi 19. Kuchotsapo 7 za Chisomo ndi 11 za Banda Phiri pamatsala chimodzi, ndiye mpata uja, choncho D2 imakhala yopanda kanthu, monga mmene ziyenera kukhalira. Pa Tadala Grace Mwale pamatuluka Grace. Wa mayina apakati awiri, onse amakhala limodzi mu D. Mayina monga Ng'oma sasokonezeka, poti mulibe mpata.

Zolakwika zina zimadzionetsa zokha. Mukaona #VALUE! mu C, ndiye kuti pamzerewo pali liwu limodzi lokha, FIND yasowa mpata. Mukasanja kolamu C motsatira alifabeti, maulemu monga Mai, Dr kapena Rev amaunjikana pamodzi, ndipo ayenera kuchotsedwa mu A. Sanjaninso D: mukapezamo Banda, Phiri kapena wa, mwina dzina laphatikizo linakuphonyani. Samalaninso ndi kaundula amene amayamba ndi dzina la banja, monga amachitira masukulu ambiri. Mizere yotere itembenuzeni kaye.

Zonse zikakhala bwino, kopani C, D ndi E, n'kuzimata pomwepo ndi Paste Special, Values. Mukapanda kutero, tsiku limene wina adzafute kolamu A kapena B, mayina onse adzasanduka #REF!. Ndipo kolamu ya dzina lonse musaitaye, chifukwa ndi imene mudzatsimikizire nayo munthu akadzabwera kudzadandaula kuti dzina lake linalembedwa molakwika pa satifiketi.