Msonkhano udamanga china, Chingerezi chikunena china

Msonkhano wa kopaletivi ya alimi a mtedza umatha cha m'ma 2 koloko masana, anthu njala itawapweteka. Mlembi amatseka kope lake lachikuto cholimba, wapampando amaitana munthu wotseka ndi pemphero, ndipo aliyense amabwerera kwawo akudziwa chimene amanga. Koma kopelo limakhala ndi ulendo wina. Banki ikufuna kuona mfundo yololeza kutapa ndalama, bungwe lothandiza likufuna lipoti, ku ofesi ya kwa DC nakonso akufuna pepala loika m'failo, ndipo onsewa kawirikawiri amalifuna m'Chingerezi. Choncho usiku womwewo wina amene adapitako patali ndi sukulu amakhala pansi n'kuyamba kumasulira maminitsi.

Umu ndi mmene zinthu zilili m'Malawi kuyambira kale. Mu 1968 Chichewa chidalengezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko, koma Chingerezi chidatsalabe chiyankhulo cha maofesi, makhoti ndi Nyumba ya Malamulo. Ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu itabwera mu 1998, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera adayamba kumanga mfundo zokhudza ndalama ndi ntchito zenizeni. Amakambirana m'chiyankhulo cha kwawo, pamene mapepala okwera ku khonsolo nthawi zambiri amakhala a Chingerezi. Pakati pa ziwirizi pamaima womasulira, ndipo iye akaterereka pa liwu limodzi, pepala limanena zimene msonkhano sudanene.

Wina angaganize kuti ngozi ili pa mawu akuluakulu a zamalamulo. Mawu amenewo savuta kwenikweni, chifukwa womasulira akakumana nawo amaima n'kutsegula mtanthauziramawu. Ovuta ndi timawu ting'onoting'ono timene munthu amangodutsa poganiza kuti akutidziwa.

Dziko la Itiyopiya lidazionapo zimenezi. Pa 2 Meyi 1889 mfumu Menelik II idasayinirana pangano ndi dziko la Italiya pamalo otchedwa Wuchale, ndipo panganolo lidalembedwa m'Chiamuhariki ndi m'Chitaliyana. Ndime 17 m'Chiamuhariki inkati mfumuyo ingathe kudzera ku boma la Italiya pokambirana ndi maiko ena. M'Chitaliyana ndime yomweyo inkamveka kuti mfumuyo yavomera kuti izidzera ku Italiya basi, zomwe zinkatanthauza kuti Itiyopiya ali m'manja mwa Italiya. Menelik adalikana panganolo mu 1893, ndipo mkangano udakathera pa nkhondo ya ku Adwa pa 1 Malichi 1896, kumene Italiya adagonja. Kusiyana kwa "angathe" ndi "ayenera" kumeneko n'komwe kumapezekanso m'kope la mlembi wa kumudzi.

Tiyerekeze kuti mlembi wa kopaletivi ija walemba mfundo yachinayi motere: "Mamembala anagwirizana kuti msungichuma angathe kutapa ndalama zosapitirira K500,000 zogulira matumba, pokhapokha wapampando ndi mlembi atasayina, ndipo abweretse malisiti pasanafike pa 30 Juni."

Chiganizo chimodzichi chili ndi misampha ingapo. Woyamba uli pa "angathe". Msonkhano wapereka chilolezo, sudalamule. Liwu la Chingerezi loyenera ndi "may". Womasulira akalemba "shall" kapena "must", msungichuma amene waona kuti matumba akwera mtengo n'kuganiza zodikira amaoneka ngati wanyozera lamulo la msonkhano. Kumapeto kwa chiganizo zinthu zatembenuka: "abweretse malisiti" ndi lamulo, ndipo pamenepo mpamene pakufunika "must" kapena "shall". Akaikapo "should", owerenga Chingerezi ambiri amamva ngati langizo chabe, loti munthu atha kulitsata kapena kulisiya.

Kenako pali "zosapitirira". M'bale wake ndi "zosachepera", ndipo awiriwa amafanana mamvekedwe moti munthu wotopa amawasinthanitsa mosavuta. Koma "not more than" amaika denga, pamene "not less than" amaika poyambira. Palinso womasulira waulesi amene amangolemba K500,000 popanda liwu lililonse patsogolo, ndipo malire aja amasanduka ndalama yoti itapidwe yonse.

"Wapampando ndi mlembi" ndi anthu awiri, onse asayine. Likalowa "or" pamalo pa "and", chitetezo chonse chimene mamembala adaika pa ndalama zawo chagwa, chifukwa siginecha imodzi yakwanira. Ndipo "pokhapokha" sayenera kufewetsedwa kukhala "after". Chingerezi chake ndi "only if", kusonyeza kuti popanda masiginecha awiriwo chilolezo palibe. Tsiku nalo lili ndi nkhani yake: "pasanafike pa 30 Juni" ndiye kuti tsiku lomaliza ndi 29, pamene "by 30 June" amalola msungichuma kubweretsa malisiti pa 30 pomwepo. Kusiyana kwa tsiku limodzi kumaoneka kochepa, koma m'magulu amene amalipiritsa chindapusa kwa wochedwa, anthu amakangana mpaka kukwiyitsana pa tsiku lomwelo.

Chichewa chili ndi mphamvu ina imene Chingerezi chilibe, ndipo womasulira akaiwala amataya theka la mfundo. Onani kusiyana kwa "membala aliyense apereke K2,000" ndi "membala aliyense azipereka K2,000". Kaphatikizo kakang'ono ka "zi" kakusintha chopereka cha kamodzi kukhala cha nthawi ndi nthawi. Mneni wa Chingerezi sasonyeza zimenezi payekha; "shall pay" angamveke mbali zonse ziwiri. Womasulira ayenera kuwonjezera mawu onena kuti ndi mwezi uliwonse kapena msonkhano uliwonse, ndipo ngati mlembi sadalembe, asalote. Amufunse.

Ulemu wathu nawo umabisa chiwerengero. Mlembi akalemba kuti "aphunzitsi asayende ndi makiyi a nyumba yosungiramo ufa wa phala", kodi akunena mphunzitsi mmodzi amene akumulemekeza, kapena aphunzitsi onse? Amene adali pamsonkhano akudziwa, poti adamva dandaulo lonse. Koma Chingerezi chimakakamiza kusankha pakati pa "the teacher" ndi "teachers", ndipo kusankha molakwa kumasandutsa chenjezo la munthu mmodzi kukhala lamulo la sukulu yonse, kapena kuloza chala munthu mmodzi pamene msonkhano udanena za onse. N'chifukwa chake mlembi wabwino amalemba udindo wa munthuyo momveka, monga "mphunzitsi wamkulu" kapena "wachiwiri wake", ndipo womasulira amabwereza udindowo m'malo mothamangira "he" kapena "she", zomwe Chichewa sichisiyanitsa n'komwe.

Pamene pamafunika kudekha kwambiri ndi pa mneni woyamba wa mfundo, umene umanena chimene msonkhano wachita. Maminitsi a Chingerezi ali ndi makwerero ake. "Noted" amatanthauza kuti nkhaniyo yamveka, basi. "Recommended" ndiye kuti gululi lapempha kapena kulangiza amene ali ndi mphamvu kuti achite. "Resolved" kapena "approved" ndi pamene mfundo yamangidwa. Tsono pamsonkhano wa Chichewa anthu sakonda kukana mlendo pamaso. Mlangizi akabwera ndi ganizo loti alimi onse agulitse mtedza kwa wogula mmodzi, wapampando amatha kuyankha kuti "tamva" kapena "tiona", anthu n'kuwomba m'manja. Aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti "tiona" si kuvomera, ndipo nthawi zina ndi kukana kwaulemu. Komabe womasulira alibe ufulu wolemba kuti anakana, monganso alibe ufulu wolemba "agreed". Chimene chidachitika n'chakuti msonkhano udamva nkhaniyo ndipo sudamange mfundo, ndipo Chingerezi chinene zomwezo.

Chimodzimodzi "kuimitsa" ndi "kuchotsa". Komiti ikaimitsa mlonda kuti ifufuze za katundu wosowa, ndiye "suspended". Munthuyo akadali wantchito. Likalembedwa "dismissed", pepalalo likhoza kudzatuluka ku ofesi ya zantchito ngati umboni woti adachotsedwa osamumva mbali yake. "Kuthandiza membala ndi K50,000" nakonso kumafuna funso: ndi ngongole yobweza kapena ndi chithandizo chongopereka? Ku banki mkhonde amasiyanitsa bwino thumba la ngongole ndi thumba la zadzidzidzi, choncho womasulira asaphatikize ziwirizi.

Pali yesero lina limene limagwera anthu odziwa bwino Chingerezi, lofuna kukonza. Amaona kuti mlembi walemba kuti matumba 40 pa mtengo wa K1,200 akwana K46,000, iye n'kuwerengetsa n'kupeza K48,000, n'kungolemba nambala yolondolayo mwakachetechete. Mtima wake ndi wabwino, koma wapanga mapepala awiri osiyana a msonkhano umodzi, ndipo sakudziwa ngati cholakwika chili pa chiwerengero cha matumba, pa mtengo, kapena pa kuphatikiza. Choyenera n'kumasulira monga zalembedwera, kuika chizindikiro pambali, n'kudziwitsa mlembi. Amene ali ndi mphamvu yokonza maminitsi ndi msonkhano wotsatira, pa nthawi ija wapampando amafunsa ngati zowerengedwazo zili zoona asanasayine.

Njira yodzitetezera si yodula. Mfundo iliyonse ikhale ndi nambala yofanana m'ziyankhulo zonse ziwiri, kuti 4 ya Chichewa ikhale 4 ya Chingerezi, ndipo womasulira asaphatikize mfundo ziwiri kapena kugawa imodzi. Mawu ngati "mawa", "mkuja" ndi "sabata yamawa" atsagane ndi tsiku lenileni, poti pepala lidzawerengedwa patapita miyezi. Ngati panali kuvota, manambala alembedwe, chifukwa "ambiri anagwirizana" si "onse anagwirizana". Akamaliza, apereke Chingerezicho kwa munthu wina amene sadaone kope la mlembi kuti achibwezere m'Chichewa pakamwa, mlembi akutsatira ndi chala m'kope. Pamene awiriwo asiyana pa funso la ndani achite, achite chiyani, ndi ndalama zingati, pofika liti, ndiponso ngati walamulidwa kapena wangololedwa, pamenepo mpamene pali vuto. Kwa maminitsi a masamba awiri, ntchitoyi siitenga nthawi yaitali.

Chotsala n'chakuti gulu ligwirizane, n'kulemba m'malamulo ake, kuti mapepala awiriwa akasemphana lotsatidwa ndi liti. Magulu ambiri amangoganiza kuti la Chingerezi ndiye lenileni chifukwa ndi lotayipidwa ndipo lili ndi chidindo. Koma ngati anthu adakambirana ndi kukweza manja m'Chichewa, mawu amene adavomereza ndi a m'kope la mlembi, ndipo la Chingerezi ndi lomasulira chabe. Mamembala ali ndi ufulu wopempha kuti mapepala onse awiri abwere pamsonkhano wotsatira, awerengedwe mfundo ndi mfundo, wapampando asanaike siginecha yake pa lililonse.