Makina amene amapenga ukawachepetsera mphamvu

Chokuzira mawu chikayamba kulira tswii pamsonkhano, aliyense amadziwa chochita: tembenuza kabatani, tsitsa mphamvu, phokoso litha. Mawu otuluka m'sipika amabwerera m'maikolofoni n'kukuzidwanso, ndipo ukachepetsa kukuzako mkombero umazizira. Mainjiniya ambiri amakula ndi nzeru yomweyi, yoti makina odziwongolera okha akayamba kugwedezeka, mankhwala ake ndi kutsitsa geini, nambala imene imanena kuti chowongolera chiyankhe mwamphamvu bwanji chikaona cholakwa. Nthawi zambiri nzeruyi imagwira. Koma pali mtundu wina wa mikombero umene umakhazikika pokhapokha geini ikhale yokwera ndithu, ndipo ukaitsitsa m'pamene zonse zimasokonekera.

Tiyeni titenge dishi yaikulu yolondola setilaiti imene ikuyenda mumlengalenga. Mota imakankha dishiyo, kachipangizo kena kamayeza kumene yaloza, ndipo chowongolera chimayerekeza ndi kumene iyenera kuloza n'kulamula mota. Vuto lonse lagona pa kuchedwa. Ukakankha chinthu cholemera, liwiro lake limakwera pang'onopang'ono, ndipo malo amene chafika amatsatira pambuyo pa liwirolo. Ukachikankha uku ndi uku mobwerezabwereza, gawo lililonse mwa awiriwa limatsalira ndi kota ya ulendo umodzi wopita ndi kubwera, amene ndi madigiri 90. Pamodzi ndi 180. Tsono popeza setilaiti siima, wokonza amaika m'chowongolera chigawo chowunjika zolakwa zakale, chotchedwa integireta, kuti dishi isamangotsalira kumbuyo. Nachonso chimawonjezera 90. Pa kugwedezeka kwapang'onopang'ono, kuchedwa konse kwafika madigiri 270, ndipo kuchedwa kukangofika 180, chimene chimayenera kubweza dishi chimasanduka choikankhira kumene ikupita kale.

Chimene chimapulumutsa ndi zigawo zina ziwiri za chowongolera cha PID, zoyang'ana cholakwa cha panopa ndi liwiro limene chikusinthira. Zimenezi zimabweza madigiri ena, koma zimayamba kumveka kugwedezeka kukafulumirako. Kukafulumira kwambiri, ulesi wa mota ndi wa sefa yochotsa phokoso umalandanso madigiriwo. Polemba zonsezi ndi nambala zosavuta kuwerengera, mkombero wathu ukhoza kukhala chonchi, pomwe K ndiye geini:

```
L(s) = K (s + 1)^2 / [ s^3 (s/20 + 1)^2 ]
```

Amene masamu otere amamuzunguza mutu asadandaule, chifukwa nkhani yonse imaoneka pa chithunzi chimodzi. Chithunzi cha pola, chimene ambiri amachitchula ndi dzina la Harry Nyquist, chimajambulidwa motere. Umadula mkombero pamalo amodzi, n'kulowetsamo funde losalala, kenako n'kuyeza limene labwerera litazungulira: lakula kangati, ndipo lachedwa madigiri angati. Papepala umaika kadontho. Kutalika kwake kuchokera pakati ndi kukula kuja, ndipo mbali imene kaloza ndi kuchedwa kuja, kuwerengera monga mmene muvi wa wotchi umayendera kuyambira kumanja. Kuchedwa kwa 90 kumaloza pansi, 180 kumanzere, 270 kumwamba. Ukachita zimenezi kuyambira funde laulesi mpaka lachangu, timadontho timalumikizana n'kukhala njira yokhotakhota. Pa mzere wopita kumanzere pali malo amodzi oopsa, olembedwa -1, pomwe funde limabwerera lili ndi msinkhu womwewo koma litatembenuzika, kotero kuti likhoza kudzidyetsa lokha mpaka kalekale.

Tiike K pa 5 tiyende nayo njirayo. Imayambira kutali kumwamba, chifukwa pa mafunde aulesi kukula n'kwakukulu zedi ndipo kuchedwa kuli pafupi ndi 270. Imatsika chakumanzere n'kudula mzere wa madigiri 180 pa -8, funde lili pa maradiyani 1.12 pa sekondi, kutanthauza ulendo umodzi pa masekondi pafupifupi 5.6. Ikatero imalowa kunsi, n'kukhotera kumanja, kudutsa pansi pa -1, ndipo imakwera n'kudulanso mzere uja pa -0.16, funde lili pa maradiyani 17.9 pa sekondi. Kenako imazimirira pakati. Ndiye kuti -1 yakhala m'kathumba, pakati pa -8 ndi -0.16.

Munthu woyamba kuona chithunzichi amadzidzimuka ndi -8. Funde likubwerera litatembenuzika ndipo lakula kasanu n'katatu, nanga dishi ilekeranji kugwedezeka? Koma sigwedezeka. Lamulo la Nyquist silifunsa ngati njira yadula mzere kumanzere kwa -1. Limafunsa ngati njira yonse, pamodzi ndi chithunzithunzi chake cha m'galasi ndi uta waukulu umene umatseka malekezero ake kutali, yazinga -1 kapena ayi. Pano kudutsa kwa pa -8 kumamasula kuzinga kumene uta waukulu uja ukanachita. Kwa mkombero ngati uwu, umene ulibe chigawo cholusa pachokha, pali njira yachidule yoonera: yenda m'njirayo kuchokera ku mafunde aulesi kupita ku achangu, ndipo pamene ukudutsa pafupi ndi -1, ikhale kudzanja lako lamanzere. Pa K ya 5 umadutsa kunsi kwake ukulowera kumanja kwa pepala, ndiye ili kumanzere kwako. Pamalo pamene kukula kwatsika kufika pa 1, kuchedwa ndi madigiri 141 okha, ndipo patsala mpata wa 39.

Geini sisintha maonekedwe a njirayi, imangoifufumitsa kapena kuifwetsa. Ukakweza K kufika pa 40, malo aja a -0.16 amasunthira pa -1.25, kathumba kaidumpha -1, ndipo dishi imanjenjemera mwachangu, pafupifupi katatu pa sekondi. Ili ndi vuto lodziwika kwa aliyense. Tsono tsitsa K kufika pa 0.5. Malo aja a -8 amafwamphukira pa -0.8, kathumba konse kali kumanja kwa -1, ndipo pamene ukutsika kuchokera kumwamba -1 yatsala kudzanja lako lamanja. Kukula kumafika pa 1 msanga, funde likadali pa radiyani imodzi pa sekondi, pomwe kuchedwa ndi madigiri 186, zigawo zopulumutsa zija zisanabweze okwanira. Dishi imayamba kupendekera uku ndi uku mwaulesi, ulendo uliwonse kupitirira wam'mbuyo. Mkombero uwu ndi wokhazikika K ikakhala pakati pa 0.62 ndi 32 basi.

N'chifukwa chake ndimaona kuti kungonena kuti makina ali ndi mpata wakuti wa geini, nambala imodzi yokha, n'kunena theka la zoona. Pa K ya 5 mipata ndi iwiri: ukhoza kukweza ka 6.4 usanagwe, ndipo ukhoza kutsitsa ka 8 usanagwe. Mapulogalamu ena owerengera amatulutsa umodzi wokha, nthawi zina wokhala ndi chizindikiro chochotsera, ndipo wosadziwa amaganiza kuti makina ndi olusa pamene ali bwinobwino. Chithunzi cha pola chimaonetsa makoma onse awiri nthawi imodzi.

Wina anganene kuti palibe vuto, ingomanga K pa 5 usaikhudzenso. Apa m'pamene pali msampha weniweni, chifukwa geini imatha kutsika popanda wogwira kabatani. Mota iliyonse ili ndi malire. Chowongolera chikapempha mphamvu yoposa imene mota ingapereke, nsonga za funde zimadulidwa, ndipo mkombero umamva ngati geini yachepa. Pempho likaposa malire kawiri, geini imatsala pafupifupi 0.6 ya mwini wake. Likaposa kakhumi, imatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8, ndendende pakhoma lapansi lija. Ndipo ukangolidutsa khomalo, kugwedezeka kumakula, pempho limakula nalo, geini imatsikiratsikira, osabwereranso. Dishi yomwe imachita bwino ikamayesedwa ndi timayendedwe tating'ono ikhoza kupenga tsiku limene mphepo yamkuntho yaiwomba, kapena wina akailamula kuti itembenuke mtunda waukulu nthawi imodzi.

Zimenezi zinadziwika kalekale pa nkhani ya matelefoni. Harold Black wa ku Bell Labs ku America anatulukira mu 1927 njira yobwezera gawo la mawu otuluka mu ampulifaya kuti achepetse kukhota kwa mawu, ndipo Nyquist, mbadwa ya ku Sweden, anafalitsa lamulo lake mu 1932. Chimodzi mwa zimene lamuloli linamasulira chinali chodabwitsa chomwechi, cha maampulifaya okhala chete ngakhale funde likubwerera litatembenuzika ndiponso litakula. Hendrik Bode, m'buku lake la mu 1945, anawasiyanitsa ndi okhazikika kotheratu ndipo anachenjeza za iwo. Mavalavu agalasi a nthawi imeneyo ankafuna kutentha kaye, choncho ukangoyatsa, geini inkakwera kuchokera pansi n'kudutsa m'dera loopsa isanafike pabwino. Valavu ikakalamba, geini inkatsikanso.

Nanga amapangiranji makina otere? Chifukwa phindu lake ndi lalikulu. M'chitsanzo chathu, pa funde laulesi la 0.1 radiyani pa sekondi, kukula kumapitirira 5,000, kutanthauza kuti cholakwa chaulesi chimafinyidwa pafupifupi ndi nambala yomweyo. Kulondola kotere sikubwera ulele.

Wokonza wanzeru amaulola mkombero kukhala wotero pa timayendedwe tating'ono, koma amautchinjiriza pa tatikulu. Njira yofala ndi kuimitsa integireta nthawi iliyonse mota ikafika pamalire. Madigiri 90 aja akachoka, njira imayambira kumanzere ili kale kunsi kwa mzere wa 180, kudutsa kwa pa -8 kulibenso, ndipo khoma lapansi latha mpaka mota itapezanso mpweya. Amasalazanso malamulo, kuti dishi iuzidwe kutembenuka pang'onopang'ono m'malo molumpha. Ndipo posintha nambala za chowongolera, chizolowezi choyambira geini pansi n'kumakweza pang'onopang'ono sichithandiza pano ngati integireta ili yoyaka. Imayatsidwa pomaliza, zigawo zinazo zitagwira kale.

Kwa amene waima pafupi ndi makina ogwedezeka alibe chithunzi m'manja, wotchi imathandiza. Kunjenjemera kwachangu, kumene m'chitsanzochi kumatenga masekondi 0.35 pa ulendo, kumaloza khoma lapamwamba, ndipo kutsitsa geini n'kolondola. Kupendekera kwaulesi kwa masekondi 5 kapena 6, makamaka kukamayamba pambuyo pa kukankhidwa kwakukulu mota ili pamalire, kumaloza khoma lapansi. Pamenepo makina ayambe aimitsidwa, integireta ifufutidwe zimene yawunjika, ndipo geini isatsitsidwe mpaka njira yonse itajambulidwa kuyambira ku mafunde aulesi kwambiri, kumene oyeza ambiri amaduladula chifukwa kuyeza kwake kumatenga nthawi.