Kumanga ziro ndi wani m'mitolo: mafunso aafupi a manambala a kompyuta

Funso lake limakhala la mzere umodzi pa pepala la mayeso: sinthani 10110110 kukhala hekisadesimale komanso okitale. Ophunzira ambiri amayamba kuchulukitsa ndi kugawa, nadzaza theka la tsamba, pomwe ntchitoyi ndi ya kumanga mitolo basi, monga amachitira mayi wogulitsa masamba pa msika.

Kompyuta imadziwa zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1, ndipo chilichonse chimatchedwa biti. Kawerengedwe aka ndiye bainale. Mabiti 8 amapanga baiti imodzi. Vuto ndi maso athu: mzere wautali wa ziro ndi wani umazunguza mutu. N'chifukwa chake akatswiri amaufupikitsa. Mabiti anayi angasanjidwe m'njira 16, ndipo hekisadesimale ili ndi zizindikiro 16: kuyambira 0 mpaka 9, kenaka A, B, C, D, E ndi F kuimira 10 mpaka 15. Choncho mtolo wa mabiti anayi umalowa ndendende m'chizindikiro chimodzi. Okitale ili ndi zizindikiro 8, kuyambira 0 mpaka 7, ndipo mtolo wake ndi wa mabiti atatu.

Titenge nambala ija. Tikaidula pakati tipeza 1011 ndi 0110. Mu mtolo uliwonse, mipando inayi ili ndi mitengo yake kuchokera kumanzere: 8, 4, 2, 1, ndipo timawonkhetsa pomwe pali wani pokha. Mtolo woyamba upereka 8 + 2 + 1 = 11, amene ndi B. Wachiwiri upereka 4 + 2 = 6. Yankho ndi B6.

Pa okitale m'pomwe anthu amapunthwa, poti mabiti 8 sagawika bwino atatuatatu. Kudula kumayambira kumanja: 10, 110, 110, zomwe zipereka 266. Woyambira kumanzere, monga tidazolowera powerenga buku, apeza 101, 101, 10, nalemba 552. Cholakwa ichi chimadziulula chokha: baiti imodzi siposa 255, amene mu okitale ndi 377, ndiye 552 sangakwanemo. Wofuna kutsimikiza abwerere ku manambala a masiku onse. B6 ndi 11 × 16 + 6, pomwe 266 ndi 2 × 64 + 6 × 8 + 6. Zonse zikumana pa 182. Ndipo funso likati musinthe okitale kukhala hekisadesimale, masulani mitolo ya atatu mumangenso ya anayi, osavutika kudzera ku 182.

Funso lachiwiri limaoneka loopsa kuposa mmene liliri. Amakupatsani kachidutswa ka zomwe zili m'memore ya kompyuta:

```
0200: 4D 77 61 6E 61 00 E8 03
```

Nambala ya kumanzere kwenikweni ndi adiresi ya baiti yoyamba yokha. Zotsatira mumawerenga nokha: 4D ili pa 0200, 77 pa 0201, mpaka 03 pa 0207. Maadiresi nawonso ndi a hekisadesimale, kotero mukapitirira 0209 mufika pa 020A, osati 0210.

Baiti sinena yokha kuti ndi chiyani. Funso ndilo limauza. Likati mabaiti oyamba ndi malemba a ASCII, 4D ndi M, 77 ndi w, 61 ndi a, 6E ndi n, kenaka 61 abweranso: Mwana. Baiti ya 00 ndi chitseko chotsekera mawu m'chiyankhulo cha C. Safunika kuloweza tebulo lonse. Kumbukirani kuti A wamkulu ndi 41 ndipo a wamng'ono ndi 61, zinazo muwerengere pa zala, kusamala kuti pambuyo pa 49 pamabwera 4A.

Msampha weniweni uli pa mabaiti awiri omaliza. Funso likati E8 03 ndi nambala imodzi ya mabiti 16, yang'anani mawu aang'ono omwe ambiri amawalumpha. Mapulosesa a Intel x86 amasunga baiti yopepuka poyamba, dongosolo lolembedwa kuti `little-endian`. Pamenepo nambalayo ndi 03E8, kutanthauza 3 × 256 + 232, yomwe ndi 1000. Pa `big-endian`, monga pa Motorola 68000, iwerengedwa mmene yaonekera, E803, yomwe ndi 59395. Mayina oseketsawa adawabweretsa ndi Danny Cohen mu 1980, kuwatenga m'nkhani ya Jonathan Swift ya anthu omenyana chifukwa cha mbali yoswera dzira.

Ena akamva za kutembenuza amapitirira muyeso, nalemba 308E. Chotembenuzidwa ndi dongosolo la mabaiti lokha. E8 ikhalabe E8 kulikonse komwe mwaiika.