“Faifi” ya ku Limbe: sewero lomwe ana athu adaseketsa nalo makolo

Aliyense wogula zinthu ku Limbe amadziwa kuti masiku ano wogulitsa samaliza kutchula mtengo. Ukafunsa, amangoti “faifi” kapena “thu faifi”, zina zonse udziwe wekha. Kale “faifi” inali K500. Koma chibwerereni ndalama ya pepala ya K5,000 mu 2022, ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, liwu lomwelo likutanthauzanso K5,000. Pamenepa ndi pomwe gulu la zisudzo la pasukulu yomwe ndimaphunzitsa ku Bangwe lidapezera sewero la mphindi zisanu ndi ziwiri.

Osewera ndi atatu: mwini sitolo, wogula woyamba, ndi agogo ochokera ku Thyolo atasenza dengu la nthochi. Zofunika ndi tebulo, ndowa zitatu ndi ndalama zojambula pamapepala, manambala ake akuluakulu kuti wokhala kumbuyo awerenge.

Wogula woyamba sakhalitsa. Amafunsa mtengo wa ndowa, amauzidwa kuti “faifi”, n’kutulutsa K5,000 moonetsera, n’kumapita. Ana ankafuna kuchotsa gawoli ati siliseketsa. Tidayesa kusewera popanda ilo pamaso pa a Fomu 2, ndipo palibe adaseka mpaka kumapeto. Chifukwa chake n’chakuti sewero la kusamvana limakoma oonera akadziwiratu zoona pomwe osewera ali mumdima. Oonera akakhala nawo mumdimamo, amangodabwa.

Kenako agogo amalowa.

Agogo: Mwanawe, ndowayi ndi zingati?
Mwini sitolo: Faifi basi, agogo.
Agogo: Faifi? Koma m’tauni zinthu zatchipa! Komabe ndichotsereko.
Mwini sitolo: Poti ndi inu, folo ndi hafu.
Agogo: Mulungu akudalitse. Ndipatse ziwiri.

Agogo amamasula mfundo ya chitenje, n’kuika K1,000 patebulo. M’mutu mwawo ndowa ziwiri ndi K900, ndiye akudikira chenji cha K100. Mwini sitolo akuwerengera K9,000, ndiye akudikira K8,000 yotsala. Onse awiri atambasula dzanja, akumwetulirana, palibe wolankhula.

Mtima wa sewero lonse ndi chete ameneyu, ndipo ndi amene adativuta kwambiri. Mwana akaima pamaso pa anthu amaopa kukhala duu, amathamangira mawu otsatira. Tidagwirizana kuti aliyense awerenge chamumtima mpaka khumi asanatsegule pakamwa. Akatero amayamba kucheza za mvula ndi za mitengo ya minibasi, manja ali chitambasulire, aliyense akuganiza kuti mnzake waiwala koma ulemu ukumuletsa kukumbutsa. Tidawauzanso kuti anthu akamaseka adikire phokoso litsike, apo ayi mawu otsatirawo amamira.

Vuto lina lidali la yemwe akhale chitsiru. Poyeserera koyamba mnyamata wosewera mwini sitolo adayamba kutsanzira kalankhulidwe ka amalonda achimwenye, ndipo mtsikana wosewera agogo adawasandutsa munthu wosadziwa kuwerenga ndalama. Zonse ziwiri tidazikana. Muholo mumakhala makolo omwe ali ndi maokala, ndi agogo enieni olera ana omwewo. Komanso nthabwala imafooka wina akakhala wopusa. Imalimba onse awiri akakhala olondola, poti agogo sadaname ndipo wogulitsa sadabe. Amene adaonerapo Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, akukumbukira kuti ankaseketsa chifukwa aliyense ankakakamira zake ndi nkhope yosaseka.

Zoona zimatuluka agogo akatopa n’kunena kuti, “Mwanawe, chenji changa cha handiredi chija, basi ya ku Thyolo indisiya.” Apa pasakhale kukuwa kapena kugubuduzika pansi. Mwini sitolo amangoyang’ana ndalamayo, n’kuyang’ana ndowa, n’kuzikokera kwa iye pang’onopang’ono, n’kunena kuti, “Agogo, faifi sauzande.”

Mathero tidawasintha katatu. Kubweretsa wapolisi kudatalikitsa nkhani, ndipo kumaliza ndi malangizo oti ogulitsa azilemba mitengo kudazizira ngati phala la dzulo. Omwe adagwira ndi awa: agogo akusenza dengu kuti azipita chimanjamanja, mwini sitolo amaona nthochi, njala n’kumugwira.

Mwini sitolo: Agogo, phava limeneli ndi zingati?
Agogo: Faifi.
Mwini sitolo: (akutulutsa K500, kenako n’kuima) Faifi yake iti?
Agogo: Ya ku Limbe, mwanawe.

Akangotero onse amaima chilili osawonjezera liwu, ndipo sewero latha. Tsiku la makolo, mayi wina wogulitsa tomato mumsika adanditsatira panja akupukuta misozi ya kuseka. Adati sabata yomweyo adakangana ndi kasitomala pa “wani faifi”, ndipo mpaka pano aliyense akuti mnzake ndiye adalakwa.