Funso labwino la sayansi lisayankhike ndi kuloweza chabe

“Tchulani zinthu zitatu zofunika kuti mbewu imere.” Funso ili limapezeka kawirikawiri pa mayeso a sayansi kupulayimale, ndipo ana ambiri amalikhoza: madzi, mpweya ndi kutentha. Koma mwana angathe kulemba mawu atatuwa asakudziwa ntchito ya mpweya pa mbewu, chifukwa wangobweza zomwe adakopera pabolodi.

Kuti aone ngati mwana wamvetsa, mphunzitsi atenge mfundo yomweyo n'kuiika pa chochitika chomwe sichili m'kope. Mwachitsanzo: “Mlimi adabzala chimanga kudambo. Madzi adadzaza m'mundamo kwa sabata yathunthu, ndipo chimangacho sichidamere. Fotokozani chifukwa chake.” Apa mndandanda woloweza uja suthandiza, poti madzi alipo, kutentha kuliponso. Mwana ayenera kulingalira yekha kuti madzi adadzaza timipata ta m'dothi momwe mumakhala mpweya, ndiye mbewu idalephera kupuma.

Mphunzitsi alembe yankho lomwe akuyembekezera asanapereke funsolo, ndipo agawiretu malikisi. Likhale limodzi la mwana amene wanena kuti mbewu idasowa mpweya, lachiwiri la amene wasonyeza kuti madziwo ndiwo adachotsa mpweyawo. Wolemba kuti “mbewu idabanika chifukwa madzi adatseka dothi” alandire onse awiri, ngakhale mawu akewo mulibe m'buku. Wolemba kuti “madzi adachuluka” wangobwereza funso. Ana ambiri akayankha choncho, vuto lili pa funsolo, ndipo likonzedwe motere: “N'chiyani chomwe mbewu idasowa, ndipo idachisowa chifukwa chiyani?”

Mayankho olakwa nawo amaulula zambiri. Mwana akalemba kuti chimanga chidasowa feteleza kapena kuwala kwa dzuwa, ndiye kuti akusokoneza kumera ndi kukula. Njere ya chimanga imamera ndi chakudya chomwe idasunga m'kati mwake, ndipo imamerera m'dothi momwe muli mdima. Kuwala kumafunika masamba akatuluka. Mphunzitsi akaona yankho lotere m'mapepala ambiri, wadziwa pomwe ayenera kubwereza phunziro.

Pali zoyenera kusamala. M'makalasi akuluakulu ana amalemba sayansi m'Chingerezi, choncho nkhani ya m'funso ikatalika, mphunzitsi amayesa luso lowerenga m'malo mwa sayansi. Ziganizo ziwiri kapena zitatu zazifupi n'zokwanira, ndipo chochitikacho chikhale chomwe ana onse amachidziwa. Komanso funso likagwiritsidwa ntchito kamodzi n'kukambidwa m'kalasi, yankho lake limalowezedwa. Pa mayeso otsatira chochitika chisinthe: zikhale nyemba zomwe zakhala m'nkhokwe youma miyezi yambiri osamera.

Aphunzitsi, musanapereke funso, tsegulani kope la mwana. Ngati yankho lake lilimo liwu ndi liwu, lilembeninso funsolo.