Kompyuta Yovutitsayo Ili pa Chingwe Chiti?

M'nyumba ya maofesi yosanjikizana katatu, yokhala ndi makompyuta 200, intaneti yayamba kukwawa. Rauta ikusonyeza kuti kompyuta imodzi, ya nambala 192.168.10.57, ikutumiza uthenga wosaleka, mwina chifukwa cha vairasi. Katswiri woyang'anira netiweki ayenera kuidula msanga. Koma nambalayo sinena chipinda chimene kompyutayo ili, ndipo zingwe za m'kabati zonse n'zofanana.

Chomuthandiza ndi adiresi ya MAC. Iyi ndi nambala ya zilembo ndi manambala 12 imene khadi la netiweki la kompyuta iliyonse limakhala nayo kuchokera kufakitale. Swichi, bokosi limene zingwe za makompyuta zimakumanirako, imagwira ntchito ndi nambala imeneyi. Uthenga ukalowa pa bowo lake lina, lija akatswiri amati poti, swichi imalemba pamndandanda wake kuti adiresi yakutiyakuti yamveka pa bowo lakutilakuti.

Tiyerekeze kuti zipangizo za m'nyumbayi ndi za Cisco. Katswiriyo amayamba ndi rauta, chifukwa ndi imene imasunga mndandanda wogwirizanitsa nambala ya IP ndi adiresi ya MAC. Akapeza adiresiyo, amakafunsa swichi yaikulu:

```
show ip arp 192.168.10.57
show mac address-table address 0000.5e00.5301
```

Swichi yaikuluyo yayankha kuti `Gi1/0/48`.

Apa ndi pamene munthu wopupuluma amaonongera zinthu. Yankho limeneli silitanthauza kuti kompyutayo yalumikizidwa pa bowo la 48. Likungonena kuti uthenga wake unalowera pamenepo. Swichi ili ngati munthu wa pamphambano amene wakulozera njira imene mlendo anachokera, osati nyumba imene akugona. Ngati chingwe cha pa bowolo chikupita ku swichi ina, kulitseka n'kudula nsanjika yonse, ndipo mwina katswiriyo amadzitsekera yekha kunja, osathanso kulamula swichi zam'mwambazo ali pampando wake.

Choncho asanakhudze kalikonse, amafunsa mafunso awiri okhudza bowolo:

```
show mac address-table interface Gi1/0/48
show cdp neighbors Gi1/0/48 detail
```

Lamulo loyamba latulutsa maadiresi 70. Kawirikawiri kompyuta imodzi sikhala ndi maadiresi ochuluka chonchi, ndiye kuti kumapeto kwa chingwecho kuli swichi ina. Lachiwiri latchula dzina la swichiyo ndi nambala yake ya IP. Zipangizo za Cisco zimadziwitsana mayina kudzera mu CDP. Za makampani ena zimagwiritsa ntchito LLDP, imene ntchito yake ndi yomweyo.

Katswiriyo amalowa mu swichi yachiwiriyo n'kubwereza funso lija. Ulendo uno yankho ndi `Po1`. Limeneli si bowo lenileni ayi, koma zingwe ziwiri kapena zingapo zomangidwa pamodzi kuti zizinyamula uthenga wambiri. Lamulo lakuti `show etherchannel summary` limaonetsa mabowo enieni a m'gululo, ndipo CDP imam'lozera ku swichi yachitatu, ya pansanjika yapamwamba.

Kumeneko yankho ndi `Gi1/0/17`. Pa bowoli pali adiresi imodzi yokha, ndipo palibe swichi ina yodzitchula. Kompyutayo yapezeka. Akalemba `shutdown` pa bowo limeneli, yaduka yokhayo, anthu ena onse n'kupitiriza ntchito.

Zinthu siziyenda bwino chonchi nthawi zonse. Swichi ya Cisco imaiwala adiresi ikapanda kuimva kwa masekondi 300, pokhapokha wina atasintha nthawiyo, pomwe rauta imasunga mndandanda wake kwa maola anayi. N'chifukwa chake adiresi imatha kuoneka pa rauta koma n'kusowa pa swichi. Mankhwala ake n'kutumiza `ping` ku kompyutayo kuti iyankhe, kenako n'kufunsanso nthawi yomweyo. Ikakhala yozimitsa, palibe chochita koma kudikira kuti mwini wake aiyatse.

Chovuta kwambiri ndi bowo lokhala ndi maadiresi ochepa, asanu kapena asanu ndi limodzi, popanda swichi yodzitchula. Maadiresi awiri sadetsa nkhawa, chifukwa kawirikawiri amakhala foni ya pa netiweki ndi kompyuta yolumikizidwa kumbuyo kwake. Koma asanu nthawi zambiri amatanthauza kuti wina anagula kaswichi kotchipa n'kukaika pansi pa tebulo kuti agawane chingwe ndi anzake. Kaswichi kotere sikalandira malamulo ndipo sikanena dzina lake. Kufufuza kwa pakompyuta kumathera pamenepo. Katswiriyo amanyamuka, n'kukawerenga nambala ya chingwe cha pa bowolo m'kabati, n'kukafuna soketi ya pakhoma ya nambala yomweyo. Akafika, amalemba `ipconfig /all` pa kompyuta iliyonse ya Windows yolumikizidwa pa kaswichiko, mpaka atapeza imene adiresi yake ikuthera ndi `53-01`.